Mizere 5,000 inabereka mapasa

Poti ena mwayamba kale kundiitana kuti "bambo a mapasa", ndipo wina wafika pondifunsa ngati anawo akuyamwa bwino, bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Choyamba, sindinakomoke. Amene akufalitsa zoti ndinakomoka sanali m'chipindamo. Ndinangokhala pansi mofulumirirapo.

Mayi wina wa oditi atabwera kuntchito kwathu anapempha kanthu kamodzi kokha. Anati tiwaonetse logi ya pulogalamu imene imathira deta ya makasitomala mu detabesi usiku uliwonse, ndiko kuti zimene pulogalamuyo imalemba zosonyeza mmene yayendera. Ine mtima unali m'malo, chifukwa logi ndinali nayo, ndipo ndinaiwalitsa pakhoma ndi pulojekita monyadira ndithu:

```
import OK inserted=7400
```

Mayiwo anayang'ana pakhoma, n'kuyang'ana papepala lawo. Anati fayilo ya CSV ya usiku umenewo aitsegula, ndipo muli mizere 5,000, osawerengera mzere wapamwamba wa mitu. Kenako anafunsa, mwaulemu wonse, kuti mizere 5,000 yalowa bwanji 7,400.

Apa m'pamene anatulutsa kakyuleta. Anzanga, samu imeneyi ndi yochita m'mutu, mwana wasukulu angaimalize akumanga nsapato. Koma iwo ayi. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kakyuleta yaikulu ngati thabwa, n'kuiika patebulo, n'kuiwongola kuti ikhale bwino. Anadina seveni. Anadikira. Anadina folo. Batani lililonse limalira m'chipinda monsemo, ndipo pakati pa ziro woyamba ndi ziro wachiwiri ndinamva bwinobwino fani ya pulojekita ikuzungulira, ndinamva mimba ya bwana wanga, ndinakumbukira machimo anga onse kuyambira ku ubwana. Atadina chizindikiro chochotsera anavula magalasi n'kuwapukuta, mbali zonse ziwiri. Ndikhulupirira kuti ndevu zinandimera nthawi imeneyi. Pomaliza anatembenuza kakyuletayo kuti iyang'ane kwa ine, n'kuikankha ndi chala chimodzi: 2,400.

"Achimwene, awa 2,400 achokera kuti?"

Munthu wanzeru akanati, "Amayi, ndipatseni mpata ndikafufuze." Ine pakamwa panga panatseguka pokha, ndipo panatuluka mawu akuti, "Mwina mizere ina ndi amapasa."

Zii. Bwana wanga anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa uthenga wofunika. Mayiwo sanaseke. Anatenga cholembera n'kulemba, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati mawu oti amapasa ali mu lipoti la oditi.

Tsopano mverani, chifukwa yankho langalo silinali lopusa monga mukulifotokozera. Detabesi yathu ndi MySQL, ndipo mzere uliwonse timautumiza ndi lamulo la `INSERT ... ON DUPLICATE KEY UPDATE`. Kasitomala akakhala watsopano, mzere umalowa. Akakhala kuti alimo kale, mzere wake wakale umangosinthidwa. Ikatha ntchito, MySQL imakuuza kuti yakhudza mizere ingati. Ndiye taonani mmene imawerengera: mzere watsopano imati 1, mzere wakale umene wasinthidwa imati 2, ndipo mzere wakale umene deta yake ndi yofanana ndi imene yabwera imati 0. Mzere umodzi, nambala 2. Amenewo si amapasa? Ine ndinangophonya poika dzina. Zimenezi zinalembedwa m'malangizo a MySQL, n'zoona, koma ndani wa inu anawerengapo tsamba limenelo asanapse nalo?

Kodi yanga, imene ndinalemba ndili wamng'ono ndiponso wosangalala, inali yotere:

```python
try:
    cur.execute(upsert, konza(mzere))
    inserted += cur.rowcount
except Exception:
    pass
```

Chilichonse chimene MySQL yanena mu `rowcount`, nambala ija ya mizere yokhudzidwa, ndimachiponya m'thumba limodzi lotchedwa `inserted`. Ma 1, ma 2, ma 0, onse momwemo. Nanga mizere iwiri yakumapetoyo mwaiona? Mzere ukakanika, pulogalamu imangoti pepani, n'kupita pa wotsatira, osauza munthu. Mapeto ake inkalemba OK usiku uliwonse, mosangalala, ngakhale theka la fayilo litagwera m'dzenje.

Ine ndinaganiza kuti poti chinsinsi cha 2 chadziwika, nkhani yatha. Ndinabwerera kwa mayi aja ndi chifuwa chotukula. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Chabwino. Ndiye atsopano analipo angati, osinthidwa angati?"

Kakyuleta ija inatulukanso, koma ulendo uno ndinaibwereka ndine. Ngati atsopano ali 2,600 ndipo osinthidwa ali 2,400, ndiye kuti 2,600 kuphatikiza 4,800 ikukwana 7,400, mizere yonse 5,000 yalowa, palibe wotayika. Zokongola. Koma ngati palibe watsopano ndi mmodzi yemwe ndipo osinthidwa ali 3,700, ikukwananso 7,400 yomweyo, pomwe mizere 1,300 sitikudziwa kumene ili. Mwina inali yofanana ndi yakale, mwina inakanika, mwina zonse ziwiri. Nambala yanga imodzi ija inkavomera nkhani iliyonse imene ungaiuze. Mayiwo anangoti logi yotere ndi mboni yovomera mbali zonse, ndipo anapitiriza kulemba.

Kuti tipeze zoona za usiku umodzi wokhawo, tinatenga bakapu ya dzulo lake n'kuibwezeretsa pa seva yoyeserera, kenako tinathiramo fayilo yomwe ija, koma tsopano tikuwerenga mzere uliwonse m'gulu lake. Zinatuluka chonchi: atsopano 1,200, osinthidwa 3,100, osasintha 640, okanika 60. Mukaphatikiza ndi 5,000. Mukawerenga mwa MySQL, 1,200 ndi 6,200, ndi 7,400 ija. Amapasa anga onse anapezeka, ali moyo.

Koma maso a aliyense anachoka pa amapasa n'kupita pa 60. Mizere imeneyi inali ndi madeti olembedwa moyamba ndi mwezi, monga `03/25/2024`, pomwe pulogalamu imayembekezera tsiku poyamba. Mwezi wa 25 kulibe, ndiye mzere umagwa usanafike n'komwe ku detabesi, `pass` n'kuukwirira. Mayi aja anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Ndinayang'ana bwana. Bwana anayang'ananso kudenga kuja. Mafayilo akale timawafufuta pakapita nthawi kuti asadzaze disiki, ndipo logi ya miyezi yonseyo ili ndi nambala imodzi ndi OK. Funso limenelo lilibe yankho mpaka kalekale, ndipo ndi limene linandikhazika pansi mofulumira paja.

Ndinene pano kuti pamene ndinkalemba pulogalamuyi, amene anaipempha anati, "Ingotionetsa kuti yayenda." Inkaonetsa. Palibe anatchula za oditi. Ndipo anthu atatu anaiwerenga kodiyo n'kuivomereza, mmodzi mwa iwo ndi yemwe uja akufunsa za kuyamwa.

Mmene ilili tsopano, ulendo uliwonse pulogalamu ikayenda imasiya mzere wake mu tebulo lapadera la `import_runs`, osati m'kafayilo kamene aliyense angafufute. Mzerewo uli ndi nambala ya ulendowo, nthawi yoyamba ndi yomaliza, dzina la fayilo, ndi chidindo chake cha SHA-256, kuti wina akadzasintha fayilo n'kusiya dzina lomwelo tidzadziwe. Kenako pali manambala asanu: owerengedwa, olowa, osinthidwa, odumphidwa ndi okanika. `rowcount` ikakhala 1, timawonjezera mmodzi pa olowa. Ikakhala 2, mmodzi pa osinthidwa, mmodzi yekha basi, osati awiri. Ikakhala 0, mmodzi pa odumphidwa. Chenjerani apa: mukalumikiza ku MySQL ndi `CLIENT_FOUND_ROWS`, mzere wosasintha umabweza 1 m'malo mwa 0, ndipo osasintha onse adzavala malaya a atsopano. Ndinayesa kaye ndi mizere itatu yopanga ndekha ndisanakhulupirire.

Chimene ndimachikonda kwambiri, moti ndimachionetsa alendo, ndi kamzere aka kakumapeto:

```python
if read != inserted + updated + skipped + failed:
    status = "MISMATCH"
```

Nambala ya owerengedwa imawerengedwa payokha, potsegula fayilo, isanakhudzane ndi zinazo. Mukaipeza pophatikiza zinayi zija, ndiye kuti mukudzifunsa nokha n'kudziyankha nokha, ndipo idzagwirizana tsiku lililonse. Kamzere aka kakanakhalapo kale, 7,400 ikanakuwa usiku woyamba womwe.

Odumphidwa ndi okanika ndinkafuna kuwaika pamodzi, poti onse sanalowe. Mayi aja anakana. Anati wodumphidwa ndi amene pulogalamu yamusiya mwadala, wokanika ndi amene inafuna kumulowetsa koma zinavuta, ndipo wachiwiriyu pamafunika munthu womutsatira m'mawa. Ndiye wokanika aliyense amalembedwa mu tebulo lina, ndi nambala ya ulendo, nambala ya mzere mu fayilo, ndi chifukwa chake. Kungolemba kuti 60 sikukuuza kuti ndi ati.

Panatsala msampha umodzi, ndipo ndinaupondanso, ngakhale uwu palibe amene anauona. Mzere wa logi ndinkaulemba mu tiranzakishoni yomweyo ya deta, mtolo wa zosintha umene umasungidwa wonse kapena kubwezedwa wonse. Poyesa, ndinaipha pulogalamu pakati dala, detabesi inabweza zonse m'mbuyo, ndipo logi nayo inabwerera limodzi. Ulendo umene wavuta, womwe odita amaufuna kuposa ina yonse, ndi umene unasowa chizindikiro. Tsopano mzerewo umalembedwa poyambirira penipeni pa kulumikiza kwina, uli ndi `RUNNING`, n'kusungidwa nthawi yomweyo. Manambala a olowa ndi osinthidwa amalembedwa deta ikasungidwa kale. M'mawa ukapeza mzere udakali pa `RUNNING`, wadziwa kuti pulogalamu inafera panjira.

Mayiwo atabweranso ndinawalitsa tebulo latsopanoli pakhoma, mizere yoyera, masamu ogwirizana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anatsetsereka ndi chala, n'kuima pa Lachiwiri:

```
read=0 inserted=0 updated=0 skipped=0 failed=0 OK
```

Usiku umenewo otitumizira deta anatumiza fayilo ya mitu yokhayokha, yopanda mzere ndi umodzi womwe. Ziro ndi wofanana ndi maziro anayi, pulogalamu inakhutira, n'kulemba OK. Ndinawauza kuti, amayi, komabe masamu agwirizana. Anati inde, agwirizana. Dzanja lawo linapita kuchikwama, mtima wanga n'kuima, koma anangotulutsa kansalu kopukutira magalasi.

Za ziro zija ndiika chenjezo sabata ino. Kapena yamawa.