Ndimayamba ndalemba ndekha mayeso ndisanapatse ana

Chaka china ndinachonga mapepala a kalasi yanga ndipo ambiri anali ndi funso lomaliza losakhudzidwa n'komwe. Ana oti mutuwo ankaudziwa bwino. Mtima unandipweteka, chifukwa wolakwa ndinali ine: ndinawapatsa ntchito yoposa nthawi. Kuyambira pamenepo, pepala lililonse ndimaliyesa ndi wotchi.

Tiyeni ndikuonetseni momwe ndinachitira ndi pepala la maola awiri, la malikisi 100. Pa mphindi 120 ndinachotsapo 10 zowerengera malangizo ndi mafunso, ndi zina 10 zoti mwana abwerezenso zomwe walemba. Zotsala 100, ndiye kuti malikisi amodzi pa mphindi imodzi. Koma kumeneko n'kongoyambira chabe.

Kenako ndinakhala pansi, wotchi pambali, n'kuyankha pepala lonse ndi cholembera. Osati kuyankhira mumtima ayi, kulemba kwenikweni, chifukwa dzanja limachedwa kuposa mutu. Mafunso 20 osankha yankho ananditengera mphindi 5, mafunso a mayankho afupiafupi a malikisi 40 mphindi 12, chimangirizo cha malikisi 30 mphindi 13, ndipo galafu ya malikisi 10 mphindi 8. Zonse pamodzi 38.

Ine mayankho ndinali nawo kale m'mutu, pamene mwana amayamba wawerenga funso kawiri, kuganiza, mwina kufufuta. N'chifukwa chake nthawi yanga ndimaichulukitsa katatu kuti ifanane ndi ya wophunzira wapakatikati. Zinatuluka mphindi 114, kupitirira ndi 14.

Apa ndipo kulemba nthawi ya funso lililonse payokha kunandithandiza. Vuto linali pa galafu ija: mphindi 24 pa malikisi 10 okha! Nditayang'anitsitsa, nthawi yambiri inkapita pojambula mizere ndi rula ndi kulemba manambala m'mbali, ntchito yomwe sindinkafuna kuyesa n'komwe. Chomwe ndinkafuna n'choti mwana aike madontho pamalo pake ndi kufotokoza zomwe galafuyo ikuonetsa. Choncho mizere ndinawajambuliratu papepala, madontho ndinawachepetsa kuchoka pa 12 kufika pa 6. Nditayesanso, ndinatha mphindi 4, kwa mwana 12. Pepala linatsika kufika pa 102. Mphindi ziwiri zotsalazo ndinazipeza pofupikitsa kandime kowerenga m'gawo lachiwiri, pakuti kuwerenga kumadya nthawi koma kulibe malikisi.

Kuchulukitsa katatu si lamulo. M'makalasi a ana aang'ono, kapena akamalemba m'chinenero chomwe sanachizolowere, ndimachulukitsa kanayi. Umboni weniweni umapezeka pochonga. Mipata yosayankhidwa ikakhala apa ndi apo, ndiye kuti mafunsowo anali ovuta. Koma ikaunjikana kumapeto, zilembo zikuoneka zothamanga, ziganizo zikuthera panjira, nthawi ndiyo inachepa. Pa pepala limeneli ndinalemba mphindi yomwe mwana aliyense anaika cholembera pansi, ndipo ambiri anamaliza kutatsala mphindi pafupifupi khumi.