Ndalama za ku Joni zinatsala pang'ono kusanduka malonda anga

Ndatuluka nacho dzulo chikalata chosonyeza kuti ndilibe ngongole ya msonkho, patatha masabata atatu ndikuyendera ofesi imodzi ya msonkho. Ndili ndi kashopu ka simenti ndi misomali, ndipo chikalatacho ndimachifuna kuti ndipikisane nawo pa tenda. Cholakwa changa chinali chimodzi: ndalama zomwe achimwene amatumiza kuchokera ku Joni ndinkaziponya mu akaunti ya shopu. Musamatero.

Mayi amene anatenga fayilo yanga anaika sitetimenti ya kubanki pambali pa mafomu anga a chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Ine ndinalemba kuti ndinagulitsa katundu wa K9 miliyoni, koma mu akaunti munalowa K14.6 miliyoni.

"Bambo, K5.6 miliyoni iyi yachokera kuti?"

"Ndi achimwene, madamu, amatithandiza."

"Aliyense amatero. Tionetseni."

Sanakane kuti mphatso ya m'bale siidulidwa msonkho. Nkhani ndi yakuti ndalama ikalowa mu akaunti ya bizinesi imaoneka ngati malonda, ndipo woti asonyeze kuti si malonda ndiwe mwini wake. Ukalephera, amaiwerengera pamodzi ndi zomwe unagulitsa.

Tsiku lomwe linandiwawa ndi la kubanki. Anafuna sitetimenti yodindidwa, osati ya pafoni. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, netiweki n'kugwa, masana ndiye akundiuza kuti tsamba lililonse ndi lolipira. Masamba 23! Shopu ili chitsekere tsiku lonse. Kufika nayo kuofesi, sitetimentiyo sinathandizenso kwenikweni, chifukwa ndalama zambiri ndinkalandira pamanja kwa ejenti n'kukasungitsa ndekha. Papepala palibe dzina la achimwene paliponse, pali langa. Umboni weniweni unali malisiti a kotumizira ndalama, omwe ndinkakulungira misomali. Mwamwayi achimwene anali ndi mndandanda wonse pafoni yawo: tsiku, marandi, makwacha, dzina la wolandira. Alamu ndi amene anasindikiza n'kutumiza pabasi.

Ndaiwala kunena, ndalamazo sizinali za mtundu umodzi, ndipo apa mpomwe ndinaphunzira. Madamu aja anandiuza kuti ndizigawe malinga ndi chifukwa chomwe zinabwerera. K1.8 miliyoni inali ya mankhwala a amayi, feteleza ndi fizi ya mlongo wathu. Imeneyo ndi mphatso, palibe chomwe achimwene analandira posinthana nayo. Ndinaonetsa malisiti a kusukulu, nkhani n'kutha.

K3.2 miliyoni inali yomangira nyumba yawo. Si mphatso, si phindu langa, ndinkangoigwirizira. Koma taonani msampha: mwa ndalama imeneyi, simenti ina ndinkatenga m'shopu mwanga momwe. Imeneyotu ndi malonda, ngakhale wogula ndi mwana wa mayi ako. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinali nditaidulira malisiti ndipo inali kale mu K9 miliyoni ija. Zotsalazo, malata, matabwa ndi amisiri, ndinafunika kuonetsa pepala la chilichonse. Amisiri salemba malisiti, ndiye kabuku komwe ankasaina polandira ndi komwe kanandiombola.

Yotsala K600,000 ndiyo inandigwetsa. Achimwene ankandipatsa K50,000 mwezi uliwonse kuti ndiziyang'anira ntchito yomangayo. Ife tinkati ya sopo. Madamu anangofunsa kuti, "Mukanasiya kupita kusaiti, akanapitiriza kutumiza?" Ndinangoti kukamwa yasa. Lamulo lathu limayang'ana komwe phindu lapangidwira, osati komwe ndalama yanyamukira. Ntchito ndagwira ku Malawi kuno, choncho ndi malipiro, ngakhale abwere ndi marandi. Ndinakonza mafomu, ndinalipira msonkho wake ndi kachilango pamwamba. Anandichenjezeratu kuti nyumbayo ikalowa alendi, lendi yakenso ndi ya msonkho kuno, mwini wake akhale ku Joni kapena kulikonse.

Achimwene anachita mantha kuti kwawoko awagwira. Ku South Africa msonkho wa mphatso umagwera wopereka, koma chaka cha 2024 unkayamba munthu akapitirira R100,000 pachaka. Mphatso zawo sizinafike n'komwe pamenepo.

Kunalinso kalata. Anafuna kuti achimwene alembe kuti ndalama iti inali ya chiyani, asaine, aike kope la pasipoti. Yoyamba anangolemba kuti "ndimathandiza abale anga", inabwezedwa. Yachiwiri tinaika tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama iliyonse, kuti zigwirizane ndi mndandanda uja mzere ndi mzere. Sabata yathunthu inapita pamenepo.

Lero m'mawa ndatsegula akaunti ina ya dzina langa. Za amayi zizipita pafoni ya amayi, za nyumba mu akaunti yatsopanoyo, ndipo achimwene ndawauza kuti akatumiza azilemba uthenga wonena kuti ndi ya chiyani. Mu akaunti ya shopu musalowenso tambala ya ku Joni. Misomali ndayamba kukulungira m'nyuzipepala.