Mpando wa pakhomo ndi mapiritsi a m'chikwama

M'maphunziro anga a uphungu wa zamaganizo tafika pa nkhani ya mantha adzidzidzi, aja amene amamugwira munthu mtima n'kumagunda kwambiri, mpweya kubanika, thukuta kamukamu, mpaka iye kukhulupirira kuti akomoka kapena akufa. Gawo limene landikhudza kwambiri ndi la tizizolowezi todzitetezera timene odwala amakhala nato: kukhala pafupi ndi khomo nthawi zonse, kuyenda ndi mapiritsi, kugwira khoma miyendo ikayamba kulobodoka. Paul Salkovskis, katswiri wa zamaganizo wa ku Britain, anafotokoza mu 1991 kuti tizizolowezi timeneti ndi timene timachititsa kuti mantha asathe ngakhale ngozi imene munthu amaopa sinachitikepo.

Tiyerekeze mayi amene amaopa kukomoka pagulu. Akalowa mu holo ya msonkhano amathamangira mpando wakumapeto, pafupi ndi khomo, dzanja lili m'chikwama momwe muli mapiritsi. Mutu ukayamba kuzungulira amagwira mpando zolimba, mwina n'kutuluka panja. Patapita mphindi zingapo mtima umakhala m'malo, ndipo mayiyo amanena kuti, "Ndikanapanda kutuluka ndikanagwa." Vuto lonse lagona m'mawu amenewa. Mantha otere kawirikawiri amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10 kenaka amatsika okha, chifukwa thupi silingakhale lili tcheru choncho mpaka kalekale. Komanso pa nthawi ya mantha adzidzidzi magazi amathamanga kwambiri, pomwe kukomoka kumabwera kuthamanga kwa magazi kukatsika. Mayiyo sakanagwa, koma sanapeze mpata woona zimenezi ndi maso ake. Ulemu wonse wapita kwa khomo, ndipo mawa adzalifuna kuposa lero.

Za mapiritsi n'zomvetsa chisoni kwambiri. Dayazepamu wakumwa, mankhwala ochepetsa nkhawa, amafunika mphindi 15 kapena kuposerapo kuti ayambe kugwira ntchito, koma ambiri amamva bwino akangomeza, ena akangokhudza botolo. Chimene chawatonthoza pamenepo ndi chikhulupiriro, mankhwala asanafike n'komwe m'magazi. Tsiku limene botolo laiwalika kunyumba, mantha amayamba pompo. Kuwonjezera apo, munthu amene maso ali pakhomo ndipo dzanja lili pa mapiritsi amakhala akumvetsera thupi lake mphindi iliyonse, choncho kagunda kakang'ono kamene wina sakanakamva n'komwe, kwa iye kamakhala chiyambi cha ngozi.

Mlangizi amathandiza mayi uja kuyesa chikhulupiriro chake. Poyamba amamufunsa chenicheni chimene akuopa, ndipo yankho liyenera kukhala lomveka: "Ndikakhala pakati pa anthu mutu n'kuzungulira, ndigwa pansi." Amamufunsanso kuti akukhulupirira zimenezi motani pa 100, tinene kuti wayankha 90. Kenaka mayiyo amakakhala mzere wapakati kwa mphindi 20, osagwira mpando, osayang'ana khomo, chizungulire chikabwera aimirire osatsamira kanthu. Akatuluka funso lalikulu ndi lakuti, "Kodi munagwa?" Zoti anachita mantha kapena ayi zimabwera pambuyo. Nambala ija mwina itsika kufika pa 60, ndipo amabwereza m'malo osiyanasiyana, mapiritsi akusiyidwa kaye ndi mnzake panja, pambuyo pake kunyumba. Ngati wabwereza kangapo koma nambala sikutsika, nthawi zambiri pali kachizolowezi kobisika kamene katsala: kulimbitsa miyendo, kuwerenga mpweya, kumwa madzi pang'onopang'ono, kapena kugwira foni kuti aimbe zikavuta. Apa mlangizi amafunsa kuti, "Munachitapo chiyani kuti musagwe?"

Malire ake ndi ofunika kuwasunga. Wodwala mphumu amene amayenda ndi mankhwala ake opopera m'kamwa akudziteteza ku ngozi yeniyeni, chimodzimodzinso wodwala mtima amene adokotala anamupatsa mapiritsi oika pansi pa lilime. N'chifukwa chake munthu ayenera kuyamba wapimidwa kuchipatala. Amene wakhala akumwa dayazepamu tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi, popeza kutero kungabweretse kunjenjemera ngakhale kugwa ngati wakhunyu. Mlingo umachepetsedwa pang'onopang'ono ndi adokotala.

Akatswiri ena, monga Stanley Rachman, amati kulola kachizolowezi kamodzi poyambirira kungathandize munthu amene sakanayerekeza n'komwe kulowa mu holo. Ine ndikugwirizana nawo, chifukwa wokhala pafupi ndi khomo la holo waposa wotsala kunyumba, ndipo kumulanda zonse tsiku limodzi kungamuthawitse osabweranso. Koma mlangizi ndi wodwala agwirizane poyambirira pomwe kuti mpandowo udzasunthira m'kati liti, ndiponso kuti mapiritsi adzatsala kunyumba pa ulendo uti.