Anthu khumi agwira bwino ntchito, koma fomu ikufuna mmodzi wolephera

Lachisanu lapitali ndiye ndasaina fomu yomaliza ya apulezo, kuunika kwa pachaka kwa mmene anthu agwirira ntchito, ndipo usiku wake ndinagona tulo koyamba patatha milungu itatu. Ndine supavaiza wa ogulitsa katundu khumi pa depoti ya kampani ina kuno ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu. Timaperekera sopo, mafuta ophikira ndi shuga m'magolosale, kuyambira mumzinda muno mpaka ku Rumphi, Nkhata Bay ndi Euthini. Ngati kuntchito kwanu abweretsa fomu yokakamiza kusanja anthu pamndandanda, werengani zomwe ndadutsamo, mwina inu simutaya tsiku ngati ine.

Kale apulezo yathu inali yolemba mawu. Umakhala pansi ndi munthu, n'kulemba tsamba limodzi: chomwe wachita bwino, pomwe wafooka, ndi zoti akonze chaka chamawa. Tsopano kulikulu ku Lilongwe anatitumizira fomu ya pakompyuta. Mwa anthu khumi, awiri akhale apamwamba, asanu ndi awiri apakati, mmodzi wapansi. Wapansiyo bonasi palibe, amuika pa miyezi itatu yomuyang'anira, ndipo akagweranso pansi chaka chachiwiri ndiye kuti ntchito ili pachiswe. Ukaika anthu onse khumi pakati ndi pamwamba, batani la Submit silidinika n'komwe. Ndinayesa kanayi.

Njira imeneyi siinayambire kuno. Inatchuka ku America ndi Jack Welch, yemwe anatsogolera General Electric kuyambira 1981 mpaka 2001: 20 pa 100 alionse pamwamba, 70 pakati, 10 pansi oyenera kuchotsedwa. Koma imeneyo inali kampani ya anthu zikwi mazanamazana. Pagulu lalikulu chotero, ofooka enieni sangalephere kupezeka. Pagulu la anthu khumi omwe unasankha wekha ndi kuwaphunzitsa wekha, n'zotheka ndithu kuti onse akugwira bwino. Ndipo ngakhale Microsoft, yomwe inaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, inaisiya mu 2013. Ife tikuiyamba pamene eni ake anaitaya.

Anthu anga onse anafika pafupi kapena kupitirira tageti. Wapamwamba anagulitsa 118 pa 100, wotsika kwambiri 96. Wa 96 ameneyu ndi bambo wachikulire amene amayenda njira ya Mpherembe ndi Euthini, msewu wafumbi umene mvula ikagwa lole imatitimira. Kuyambira mu Febuluwale galimoto yake inakhala kugalaja milungu isanu ndi umodzi kudikira sipeya. Amene anapeza 118 ndi mnyamata wa m'tauni, amazungulira Katoto, Chibavi ndi Mchengautuwa, masitolo ali khomo ndi khomo. Ndi wolimbikira, sindikumuchotsera. Koma muwasinthanitse njira muone ngati manambala angakhale omwewo.

Choyamba aliyense amadzilembera yekha mmene wagwirira. Apa m'pamene ndinaona kuti chinachake chasweka. Zaka zam'mbuyomu anthu ankalemba moona: ndinachedwa kutolera ngongole kwa wasitolo wakuti, ndikufuna thandizo pa kawerengedwe ka sitoko. Chaka chino mafomu khumi onse anabwera oyera ngati a angelo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba chofooka. Sindikuwadzudzula. Munthu akadziwa kuti mmodzi ayenera kugwera m'dzenje, sangadzikumbire yekha.

Ndisanapitirire, langizo ndi ili: gulani hadikava, muzilemba chaka chonse. Tsiku, dzina, chomwe chachitika, ndi nambala yake. Ine yanga ndinaiyamba mu Epulo mokha, ndipo miyezi itatu yoyambayo ndinachita kusakasaka m'mainvoisi ndi m'buku la kugalaja.

Tsopano tsiku lomwe linandipsetsa mtima. Amati msonkhano wolinganiza magiredi. Masupavaiza anayi a kumpoto kuno, wa ku Karonga, wa ku Mzimba ndi awiri a Mzuzu, tinauzidwa tifike 8 koloko m'mawa. Kunali kamvula kowaza kaja, kuzizira kolowa m'mafupa. Mayi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, wochokera kulikulu, anafika 11 koloko itadutsa, akuti nkhungu inawachedwetsa ku Chikangawa. Zimenezo ndinamva, msewu uja timaudziwa. Chomwe sindinamve ndi zomwe tinachita kuyambira pamenepo mpaka 5 koloko. Mayina anaonetsedwa pakhoma, ndipo tinayamba kutsatsana anthu ngati tili pamsika wa ng'ombe. Mnzanga wa ku Karonga anandinong'oneza panja nthawi ya tiyi kuti, "Achimwene, mundithandize wanga uyu akwere, ine ndikuthandizani pa wanu." Munthu wabwinobwino, wopemphera, koma fomu inamufikitsa pamenepo. Amene amadziwa kuyankhula, anthu ake anakwera. Supavaiza mnzanga wa Mzuzu ndi wofatsa, sakonda mikangano, ndipo anthu ake awiri anatsika popanda amene anatsegula faelo yawo.

Nditatulutsa hadikava yanga n'kuwerenga masiku omwe lole inali kugalaja, mayi aja anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Bwana, tikumva, koma bokosi lapansi silingakhale lopanda munthu. Ngati si bambowa, tipatseni dzina lina." Tsiku lonse linathera pa chiganizo chimenecho. Malole atatu anachoka pa depoti mochedwa tsikulo chifukwa wosainira katundu ndinali ine, ndipo ndinali m'chipinda ndikusankha woti ndimupweteke.

Ndakumbukira china chimene chinachitika msonkhanowu usanafike, ndipo n'chomwe chikundiwawa kuposa zonse. Mtsikana wina m'gulu langa anapatsa katundu pangongole kwa wasitolo wa ku Ekwendeni, wokwana K1,400,000. Wasitoloyo anayamba kuzemba. Chaka chatha mtsikanayu akanabwera kwa ine sabata yoyamba, tikanapita limodzi kukatenga katundu wotsala pashelefu. Chaka chino anabisa miyezi iwiri, akumayembekeza kuti apulezo idutse kaye. Pomwe ndimadziwa, sitolo inali itatsekedwa. Nditamufunsa chifukwa chake, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Bwana, ndikanakuuzani, wapansi ndikanakhala ine." Ndipo sananame. Anzake awiri ankadziwa, koma anangokhala chete, ndipo sindikudziwabe ngati ankamuteteza kapena ankasunga nkhaniyo kuti idzawathandize. Kale wina akadwala, anzake ankagawana njira yake osadikira kuuzidwa. Pano aliyense amayamba wafunsa kuti malondawo alembedwa m'dzina la ndani.

Sindikunena kuti apulezo yolemba mawu ilibe vuto. Ndinailemba zaka zisanu, ndikuidziwa. Vuto lake ndi manyazi athu. Munthu umadya naye nsima, unapita kumaliro a mayi ake ku Embangweni, ndiye ulembe kuti ndi waulesi? Timangolemba kuti ndi wolimbikira, amagwirizana ndi anzake, apitirize. Masamba khumi onse ofanana, ndipo a kulikulu akafuna kugawa bonasi sadziwa poyambira. N'chifukwa chake anatibweretsera mndandandawu, ndipo pamenepo mlandu wina ndi wathu. Komanso supavaiza wodziwa kulemba amakometsa anthu ake kuposa amene cholembera chimamulemera.

Koma vuto limenelo lili ndi mankhwala. Osalemba khalidwe, lembani chochitika. M'malo mwa "ndi wolimbikira", ine za bambo aja ndinalemba kuti lole itakonzedwa anayenda maulendo awiri owonjezera mwezi uliwonse kwa miyezi inayi, anatsegula masitolo atsopano asanu ndi awiri, ndipo pa ngongole zonse zomwe anapereka palibe yomwe inapitirira masiku 30. Ndinalembanso chofooka chawo chenicheni: malipoti a Lachisanu amabwera Lolemba, kasanu ndi katatu m'chaka. Mukafuna kudziwa ngati mwalemba zoona, phimbani dzina pamwamba, mupatse mnzanu wa pa depoti awerenge. Akalephera kudziwa kuti mukunena yani, mwalemba mphepo. Zoterezi sizichokera m'mutu mwezi wa apulezo, zimachokera m'hadikava ija. Gulani hadikava.

Gawo lotsatira ndi kukumana ndi munthu aliyense payekha. Bambo aja ndinawaitana komaliza. Anawerenga, anavula magalasi, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ndalakwa chiyani?" Ndinawauza zoona: simunalakwe chofika apa, fomu ikufuna dzina. Ndinawauzanso kuti asakane kusaina, chifukwa kukana kumangolembedwa ngati mwano. Asaine, koma pamwamba pa siginecha alembe ndi dzanja lawo kuti alandira koma sakugwirizana nazo, aike tsiku, atenge kope yawo. Ndiye alembe apilo msanga. Kwathu nthawi yake ndi masiku 14, ndipo palibe amene amakukumbutsa. Zili m'kabuku ka malamulo a kampani kamene ambiri tinakaponya m'dirowa tsiku lolembedwa ntchito.

Pa apilo ndinaphatikizapo tsamba langa lija, ndi makope a m'buku la kugalaja. Ndinatchulanso lamulo la za ntchito la dziko lino la 2000. Gawo 57 limanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo ngati nkhani ndi kagwiridwe kapena khalidwe, ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza. Ine si loya, koma ndinafunsa funso limodzi: nkhaniyi itadzafika ku khoti la milandu ya za ntchito, lomwe lili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu, kampani idzafotokoza bwanji kuti munthu wa 96 pa 100, lole yake itagona milungu isanu ndi umodzi, ndi wolephera? Kukhala womaliza mwa khumi si kulephera ntchito. Ndipo mukamachotsa womaliza chaka chilichonse, chaka chachitatu womalizayo adzakhala mmodzi mwa omwe munkawatama.

Yankho linabwera patatha masiku khumi. Anagwirizana zoti m'malo mosanja depoti iliyonse payokha, asanja ogulitsa onse a kumpoto pamodzi, ndipo tsamba lofotokoza liziwerengedwa giredi isanaikidwe. Bambo aja anakwera kupita pakati, bonasi alandira. Bokosi lapansi silinachoke. Muli anthu anayi, awiri mwa iwo a mnzanga wofatsa uja amene analibe cholembedwa chilichonse chowatetezera, ndipo wachitatu ndi mtsikana wa ngongole ya ku Ekwendeni. Iyeyo sindinathe kumupulumutsa, ndipo tsamba lake ndinalemba zonse momwe zinalili, kuphatikizapo chifukwa chomwe anabisira.

Lolemba ndinaitana gulu lonse n'kuwauza kuti aliyense wonena vuto la ngongole pasanathe sabata, ndizililemba m'hadikava ngati chinthu chabwino chomwe wachita, ndipo ndidzaliwerenga pamaso pa a kulikulu. Anamvetsera, ena anagwedeza mitu. Mpaka lero Lachinayi palibe amene wagogoda pachitseko changa, pomwe ndikudziwa kuti pali sitolo ina ku Chintheche yomwe yadutsitsa masiku ake.