Za bala yanga ija mukuimvayo

Musanayambe kunditcha mwini bala, imvani kwa mwini wake. Ine ndimameta anthu basi, ndipo peji ya pa Facebook ndinaitsegula ndili bwinobwino, osalawa kanthu.

Pa Category paja umangolemba zilembo zoyamba, mayina n'kubwera m'munsi kuti usankhe. Ndinalemba Bar, ndikufuna Barber Shop, ndiye pabwera Bar pamwamba, yangayo pansi pake, chala changa n'chachikulu komanso sikirini inasweka pakona, ndiye mukuti ndikanatani? Ndinadina n'kupitirira. Pa Hours ndinasankha Always open poganiza kuti ndikuuza makasitomala kuti ine sindijomba, ngakhale pa holide ndimapezeka. Kumeneko kunali kudzipereka pa ntchito abale. Sindinkadziwa kuti peji izionetsa kuti ndatsegula usana ndi usiku. Adiresi ndinalemba ya kunyumba poti shopu ilibe nambala, kapini ka pa mapu kanakhala pa denga langa penipeni. Batani ndinaika Call now, nambala yake ya foni imene imagona kumutu kwa bedi.

2 koloko usiku foni kulira. Anayankha ndi madamu.

"Mayi, mwatsegula?"

"Tatsegula chani?"

"Ozizira alipo? Tili anthu asanu, tili pageti pompano, koma mwazimitsa magetsi bwanji?"

Madamu sanakuwe ayi. Anayatsa getsi, anakhala tsonga, n'kundiyang'ana ngati mbuzi yogula kale imene aipeza ndi chilema. Foni ili m'manja, munthu uja akumvekabe akufunsa ngati pali nyimbo, wina kumbuyo akuti mwina ndi bala yachinsinsi tigogode katatu. Anagogodadi. Katatu. Galu amene timamudyetsa tsiku lililonse osauwa n'komwe, ine ndili mu kabudula ndikulumbira kuti bala ndilibe, madamu akungoti "ndiye ndalama za balayo zimapita kuti bambo?" Funso limenelo mpaka lero likadali pa tebulo.

Kutacha ndinakonza ndisanasukusule. Ndinafufuta Bar n'kuika Barber Shop, ndipo amalola mpaka magulu atatu ndiye ndinawonjezera Hair Salon. Pa maola ndinasankha zoika nthawi ndekha, tsiku lililonse palokha, yotsegulira ndi yotsekera, ndipo apa yang'anitsitsani AM ndi PM chifukwa 7 PM mpaka 6 AM mwabwereranso ku bala. Kapini ndinakakoka mpaka pa shopu. Batani ndinasintha kukhala la WhatsApp, amatumiza kodi pa nambalayo kuti utsimikize, uthenga umadikira kuche pomwe foni yolira siidikira. Kenako ndinabwereka foni ya mnzanga kuti ndione pejiyo mmene amaionera kasitomala, zimene inu akatswiri nonse amene munapanga layiki tsiku loyamba lija simunandiuze, chonsecho mawu oti Bar munawaona.

Mmodzi mwa asanu aja anasunga nambala. Amaimbabe Lachisanu, akuti mwina tinayamba. Kumeta amameta kwina.