Anandigulitsa foni ya "8GB" ku Limbe: zimene ndaphunzira za ramu ndi sitoreji

Foni ndili nayo tsopano ndipo ikugwira ntchito, koma mtima sunakhale pansi ndikakumbukira Lachisanu limene ndinataya ku Limbe, benchi langa lili lotseka tsiku lonse. Ndimagulitsa zitenje, ndipo maoda ambiri amabwera pa WhatsApp. Kasitomala akufuna zithunzi, ndijambule, nditumize, ndiwerengetsere pa kakyuleta, ndione ngati ndalama yalowa. Ntchito ya foni yanga ndi imeneyi basi.

Foni yakale inali ya 2GB ndi 32GB. Manambala awiriwa ndinkawaona pa bokosi koma ndinkangoti zonse ndi memore. Inayamba kundivuta pawiri. Poyamba inkalemba pamwamba kuti "Storage space running out", zithunzi za makasitomala n'kumakana kutsika. Kwinaku ndikachoka pa WhatsApp kupita pa kamera, pobwerera ndinkapeza WhatsApp ikuyambiranso ngati ndangoyatsa kumene, nthawi zina chithunzi chimene ndimafuna kutumiza chitasowa. Mnyamata wina wogulitsa zamafoni m'mbali mwa msewu anangoti, "Mayi, memore yachepa, gulani khadi." Ndinagula memore khadi ya 64GB. Uthenga uja unasiyadi nditasamutsira zithunzi mu khadi, koma kuyambiranso kwa WhatsApp sikunasinthe ngakhale pang'ono. Ndalama yoyamba inapita pamenepo, yathetsa vuto limodzi mwa awiri.

Amene anandimasulira bwino ndi bambo wina wokonza mafoni, ndipo anatengera pa ntchito yanga yomwe. Sitoreji, imene pa foni amalemba Storage kapena ROM, ndi chipinda chimene mumatsekera katundu madzulo. Zithunzi, mavidiyo, nyimbo, maapu onse amagona mmenemo, ndipo ngakhale foni ithime masiku atatu mudzawapeza. Ramu, imene amalemba RAM, ndi benchi. Chimene mukugwiritsa ntchito panthawiyo foni imachitenga m'chipinda n'kuchiyala pa benchi, chifukwa pamenepo ndi pofikira msanga. Foni ikathima benchi limasesedwa lonse. Ndiye benchi likakhala laling'ono, kuti muyalepo kamera mpaka muchotsepo WhatsApp, ndipo mukaifunanso foni iyenera kubwerera kuchipinda kukaitenga. Kuyambiranso kuja n'kumeneko. Memore khadi imakulitsa chipinda, benchi siilikhudza. Ndipo ramu ya foni ndi yowotchereredwa mkati, palibe mmisiri amene angakuwonjezereni. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka foniyo idzathe.

Koma izi ndinazimva mochedwa, nditagula kale foni yatsopano. Ndibwerere kaye kumeneko.

Ndinakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Chilomoni, ndinalowa m'shopu ina, ndinauza mnyamata wogulitsa kuti ndikufuna foni yosachedwa. Anatulutsa bokosi lolembedwa 8GB m'zilembo zikuluzikulu, pambali pake 128GB. "Iyi mayi ndi 8GB, siima." Panali ina yotsikirapo mtengo, yolembedwa 4GB ndi 128GB, koma anandiuza kuti imeneyo ndi theka chabe la ya 8GB ija. Ndinawonjezera ndalama imene ndinasungira oda ya zitenje, ndinatenga ya 8GB, osaitsegula n'komwe. Apa m'pamene ndikunenetsa: yatsani foni muli m'shopu momwemo, ndalama ikadali m'chikwama.

Patapita masiku awiri ndinapita nayo kwa bambo wokonza mafoni uja kuti andisamutsire manambala ndi zithunzi. Analowa pa Settings, kenako About phone, n'kundionetsa mzere wa RAM. Panalembedwa 4GB+4GB. Anatembenuza bokosi, ndipo pafupi ndi 8 wamkulu uja panali kanyenyezi, pansi pake timalemba tating'ono tonena zomwezo. Ramu yeniyeni ndi 4GB. Inayo 4GB foni imangobwereka ku sitoreji, ndipo mafoni ena amaitcha RAM Plus, ena MemFusion, ena Memory extension. Anati kuli ngati kupatula ngodya ya m'chipinda muja n'kuitcha benchi: imathandizako kuti zinthu zisatayike msanga, koma ulendo wokatenga ndi womwe uja, chifukwa sitoreji ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi ramu. Komanso ngodyayo ikuchotsedwa pa 128GB yanu yomwe. Kunena kwina, mafoni awiri aja anali ndi benchi lofanana.

Lachisanu ndinabwerera ku Limbe ndi bokosi ndi lisiti. Mnyamata uja anati abwana atuluka, dikirani. Ndinakhala pa kampando kapulasitiki pakhomo kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa linapendeka, makasitomala akundiimbira kuti mwatseka bwanji lero. Abwanawo atafika sanaigwire n'komwe foniyo. Anangoti, "Mayi, bokosi mwatsegula, ndipo palembedwa 8GB, ife sitinaname." Ndinawafunsa kuti achimwene, nanga mnyamata wanu pondiuza kuti inayo ndi theka, sankadziwa? Anangotembenukira kwa kasitomala wina. Chimene chimandiwawa si foniyo, koma kuti ankadziwa bwino lomwe kuti ine sindikusiyanitsa, n'kupezerapo mwayi. Tsiku lamalonda linapita, ndalama ya minibasi zinayi inapita, ndinabwerera ndi foni yomweyo.

Tsopano funso limene ndikanafunsa poyamba: munthu wongoyamba amafunika zingati? Ndakhala nayo miyezi ingapo foniyi, ndipo 4GB yeniyeniyo ikundikwanira. WhatsApp, kamera, kakyuleta ndi Facebook ndimadumphadumpha popanda china kuyambiranso. Ndinayesa kuthimitsa 4GB yobwereka ija kwa sabata, sindinaone kusiyana pa ntchito yanga. Ya 2GB musaigule ngati foni ndi yamalonda, ndaona ndekha mmene imavutira. Ya 3GB mungapirire nayo ndalama zikavuta. Kupitirira 4GB, monga 6GB kapena 8GB zenizeni, ndi za anthu amasewera akuluakulu a pa foni kapena okonza mavidiyo.

Ku sitoreji, 32GB ndi yochepa masiku ano, chifukwa simuilandira yonse. Android yokha ndi maapu obwera nawo foni zimadyapo kale gawo lalikulu musanajambule ngakhale chithunzi chimodzi. 64GB ndi poyambira pabwino. 128GB ndi ya ife amene tili m'magulu ambiri, la kumpingo, la banki mkhonde, la makolo a kusukulu, kumene kanema mmodzi amatumizidwa katatu. Ndipo musanathamangire foni yatsopano chifukwa cha uthenga wa kudzaza uja, lowani mu WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage. Pamenepo imakuonetsani gulu limene ladya malo ambiri. Ine ndinapeza kuti mavidiyo a m'magulu ndi amene anadzaza foni yakale, osati zithunzi za zitenje. Pa Storage and data pomwepo pali Media auto-download, chotsanipo mavidiyo kuti asamatsike okha, mupulumutsanso bandulo.

Ndaiwala chimodzi pa za khadi: si foni iliyonse ili ndi polowetsa memore khadi, ndipo maapu ambiri salola kusamukira mu khadi, amakhalabe mkati. Tulutsani kathireyi ka simu muone musanalipire.

Mchemwali wanga akufuna foni mwezi wamawa ndipo ndamuuza kuti tipitira limodzi. Tikafika adzayatsa, tidzalowa pa About phone, ndipo pa RAM tikaona chizindikiro cha + tidzawerenga nambala yoyamba yokha. Akakana kuti tiyatse tisanalipire, mashopu ku Limbe ndi ambiri, tidzalowa khomo lotsatira.