Nalimata wa pakhoma ndi babu la pakhomo

Pamaphunziro a zaukhondo wa m'nyumba amene tikuchita, tafika pa mutu wa tizilombo tokhala limodzi ndi anthu: makoswe, mphemvu, nsikidzi, ntchentche. Nalimata anangotchulidwa mongodutsa, koma ine ndi amene ndakhala naye nthawi yaitali, chifukwa kuno ku Lusaka palibe nyumba imene sapezeka, kaya ndi ku Kabulonga kaya ndi ku Chawama. Funso limene ndinadzipatsa ndi lakuti, kodi kanyamaka kamaononga chiyani kwenikweni, nanga pababu kamafunapo chiyani?

Amene timamuona usiku pakhoma, woyererako, wakhungu la timatuza, ndi amene asayansi amamutcha Hemidactylus mabouia. Kwawo ndi kuno ku Africa, ndipo zombo zinamufikitsa mpaka ku Brazil ndi kuzilumba za Caribbean. Akakula amatalika masentimita ngati 12, kuwerengera ndi mchira womwe. Ndi wosiyana ndi buluzi wosalala wamizeremizere amene amaothera dzuwa pampanda masana, ndi wosiyananso ndi gulo wamutu wobiriwira wa m'mitengo. Awiriwa amasaka masana ndipo m'nyumba amangolowa mosochera. Nalimata ndiye mlendi weniweni: masana amabisala kuseri kwa kalendala, m'mng'alu wa khoma kapena pakati pa malata ndi mtanda, dzuwa likangolowa n'kutuluka.

Chimene ndagwira bwino pamutuwu n'chakuti nalimata alibe nako ntchito kuwala. Maso ake ndi ausiku, kamboni kake kamatsekeka n'kutsala kamzere kowongoka kukawala kwambiri, ndipo amaona bwino mumdima umene ife sitingaone kanthu. Chimene amatsata pababu ndi chakudya. Ndiye funso lenileni limasamuka, n'kukhala lakuti chifukwa chiyani agulugufe ausiku, inswa ndi tizikumbu timaunjikana pamenepo.

Kale ankati tizilomboti timaliyesa babu mwezi, ena ankati timafuna kutentha. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2024 m'magazini ya Nature Communications, wojambula tizilombo ndi makamera othamanga kwambiri, anaonetsa zina. Kachilombo kouluka kamadziwa kumene kuli kumwamba pa kuyang'anitsa msana wake kumbali yowala. M'tchire zimenezi zimayenda bwino, pakuti ngakhale usiku thambo limawala kuposa nthaka. Tsono kakadutsa pafupi ndi babu, kamapendeketsa msana kulozetsa kubabulo, ndipo ulendo umene unali wowongoka umasanduka wozungulira. Kakakhala pamwamba pa babu kamatembenuka chagada n'kugwa. Sikuti kakulifuna babulo, kakodwa, ndipo kamazungulira mpaka kutopa n'kutera pakhoma lapafupi.

Pakhoma pamenepo m'pamene nalimata amadikira. M'tchire akanayenda usiku wonse kufunafuna kachilombo kamodzikamodzi, koma apa chakudya chikudzibweretsa chokha, chotopa kale, pakhoma losalala loti palibe pobisala. Mukamuyang'anitsitsa muona kuti sakhala pakati pa kuwala. Amaima m'mphepete, pamthunzi wa chotengera babu kapena kumbuyo kwa paipi, kenako n'kuyandikira pang'onopang'ono, kuima, n'kulumpha kamodzi. Malo abwinowo amalimbirana, ndipo kaphokoso kaja ka "tchi tchi tchi" kamene timamva usiku nthawi zambiri ndi amuna akuthamangitsana kapena kuitana akazi. Wamkulu amatenga pafupi ndi babu, ang'onoang'ono amakhala patali, chifukwa akuluakulu amatha kudya tiana.

Nyengo nayo imalowererapo. Nalimata sapanga kutentha kwa thupi lake, amadalira malo amene ali. Lusaka ili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira ndithu, choncho samaoneka kawirikawiri. Kukatentha mu Okutobala amachuluka, ndipo mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, inswa zikatuluka, khoma limadzaza. Amene anapirira kuzimazima kwa magetsi mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, mwina anaona kuti kukakhala mdima analimata amamwazikana, ndipo kathochi ka sola kakangoyatsidwa, posakhalitsa amakapeza.

Tsopano za kuopsa kwake. Azakhali anga a ku Mtendere amanenetsa kuti nalimata akagwera mumphika, banja lonse latha, ndipo akakuyenda pathupi khungu limatuwa. Alibe ululu, m'kamwa ngakhale pakhungu. Mano ake ndi ting'onoting'ono, akakuluma pomugwira nthawi zambiri sang'amba n'khungu lomwe. Kumata kwa mapazi ake sikuchokera ku ulimbo kapena madzi alionse: pansi pa zala pali timizere todzaza ndi tiubweya tosaoneka ndi maso, timene timagwirana ndi khoma mwa mphamvu imene mabuku amaitcha ya van der Waals. Phazilo ndi louma, silisiya ululu uliwonse pakhungu la munthu. Mchira ukaduka n'kumaphiriphitha pansi, ndi njira yake yonyengera mphaka kuti iye athawe, ndipo umameranso.

Komabe mantha a azakhali ali ndi pogwira, kungoti choopsacho chili pena. Nalimata, monga abuluzi ena ndi njoka, amatha kusunga majeremusi a Salmonella m'matumbo iye osadwala, ndipo amatuluka ndi zitosi. Chitosi chake n'chosavuta kuchizindikira: chakuda, chachitali ngati kambewu ka mpunga, chokhala ndi kadontho koyera kumapeto. Koyerako ndi mkodzo wake, umene umatuluka wouma chifukwa thupi lake limasunga madzi. Cha khoswe chilibe koyerako, ndipo kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa mukapeza chakuda chokhachokha ndiye kuti vuto lanu ndi lalikulu kuposa nalimata. Chitosi chikagwera mundiwo zophikaphika zimene zatsala pamoto wozima usiku wonse kukutentha, majeremusi amaswana. Wodya amayamba kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi, pakapita maola 6 mpaka masiku 6. Wamkulu wathanzi amachira yekha akamamwa madzi okwanira ndi thanzi ORS, koma khanda, nkhalamba ndi munthu wofooka m'thupi afunika kuchipatala msanga. Ndipo kuno kumene kolera tikumudziwa, kutsegula kwa madzi okhaokha si koti muzikhala pansi n'kumaloza nalimata.

Kwa azakhali komweko ndi kumene ndinayesera zimene ndaphunzirazi. Khitchini yawo ndi kachipinda kakang'ono. Kunja, pamwamba penipeni pa chitseko, panali babu loyera mbee, lolembedwa 6500K, loyaka usiku wonse poopa akuba. Pambali pake pali kabowo kolowera mpweya kopanda sefa, ndipo mkati, pansi pa kabowoko, ndi pamene pali shelefu ya mbale ndi ndowa ya madzi akumwa. Zitosi zinali mzere pakhoma kuyambira pakabowo kutsika mpaka pashelefu. Njira yonse inali yoonekeratu: babu likukoka tizilombo, analimata akudya panja, kenako akulowa pakabowo kudzagona kuseri kwa shelefu. Titaisuntha tinapeza mazira awo pakona, oyera, olimba chikamba, aang'ono ngati nsawawa. Wamkazi amaikira awiriawiri, ndipo angapo amatha kuikira malo amodzi, n'chifukwa chake mumapeza mulu pamodzi ndi zikamba zakale.

Azakhali ankafuna mankhwala opopera. Ndinawauza kuti, "Azakhali, mukapha awa mawa kubwera ena, chifukwa chakudya chikadali pakhomo panu. Tisunthe babu." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana, ufuna akawalala atipeze mumdima?" Nkhawayo ndi yoona, ndiye sitinazimitse. Wodziwa zamagetsi analichotsa pachitseko n'kuliika pakona ya mpanda, mamita angapo kuchoka panyumba, lowalira chakukhomo. Pakhomo pakuwalabe, koma gwero la kuwala, limene tizilombo timazungulira, lili kutali ndi khitchini. Babulo tinasinthanso, tinagula la LED lofiirira, lolembedwa 2700K. Nambala imeneyi nthawi zambiri imalembedwa pabokosi la babu ndipo imanena mtundu wa kuwala: ikakwera kuwala kumayera mopita kubuluu, ikatsika kumafiirira. Tizilombo tambiri tausiku timaona kwambiri kuwala kwa buluu ndi kwa UV kumene maso athu sakuona, pamene kwachikasu ndi kofiira timakuona movutikira. N'chifukwa chake machubu aataliatali a kale aja, amene amatulutsako UV pang'ono, amadzaza tizilombo kuposa LED yofiirira.

Zotsalazo zinali zazing'ono. Pakabowo tinakhomapo sefa ya waya, mng'alu wa kuseri kwa shelefu tinaumata, mbale tinayamba kuzivundikira, ndowa tinaipezera chivundikiro chothina. Zitosi sitinazisese zouma, chifukwa fumbi lake limauluka n'kutera pachakudya. Tinazinyowetsa ndi madzi a sopo othira kolorini pang'ono, kupukuta ndi kansanza, n'kusamba m'manja. Kudziwa ngati zathandiza n'kosavuta: pukutani khoma liyere, ndiye muziona m'mawa ngati pabwera zatsopano. Kwa azakhali zinachepa kwambiri pashelefu, ndipo analimata ambiri anasamukira kumpanda. Sanathe onse ayi, m'denga akadalimo, ndipo usiku wa inswa babu la mtundu uliwonse limadzaza. Usiku wotero njira ndi kuzimitsa la m'khitchini ndi kutseka mazenera, pokhapokha ngati inswazo mukuzifuna ndinu, ndiye ikani beseni la madzi pansi pa babu la panja mupikisane nawo.

Pali chinthu chimodzi chimene anzanga m'kalasi ankachikweza mopitirira, chakuti nalimata amatiteteza ku malungo. Udzudzu amadyadi akaupeza pakhoma, pamodzi ndi tiana ta mphemvu ndi akangaude. Koma udzudzu wa malungo, wa mtundu wa Anopheles, sutsata babu kwenikweni. Umatsata mpweya umene timapuma, fungo la thukuta ndi kutentha kwa thupi, choncho umapita kubedi pamene nalimata ali kalikiliki ndi agulugufe pakhonde. Gulugufe mmodzi wonenepa amamukhutitsa kuposa udzudzu wambirimbiri. Neti isachoke pabedi chifukwa choti m'nyumba muli analimata.

Nanga akagweradi mumphika? Ndiwo zimene mwampeza atafera, osadziwa kuti wagwera liti, tayani, osati chifukwa cha ululu koma chifukwa cha za m'matumbo mwake. Akagwera mundowa ya madzi akumwa, madziwo achapireni zovala, ndowayo itsukidwe ndi sopo, ndipo ngati madzi ndi osowa moti simungawataye, awiritseni mpaka abwate kwa mphindi yathunthu. Wamoyo amene wasochera m'bafa kapena musinki, poti pamalo ponyowa ndi poterera mapazi ake amalephera kugwira bwino, muvundikireni ndi kapu, lowetsani kapepala kolimba pansi, mukamutaye panja pafupi ndi mpanda.